A Mawaya ndi phokoso la m'mutu mwa Vero

Amalume athu a Kalisito tawaika m'manda mwezi wathawu, fodya ali m'zigafa. Pa mwambo wa maliro akatekisi anawatchula dzina la ubatizo, anthu ena n'kumayang'anana kuti kodi akunena ndani, chifukwa kuyambira pa Madisi mpaka kumapiri a ku Ntchisi aliyense ankawadziwa kuti a Mawaya. Olankhula onse anati anali munthu wofatsa. Bodza limenelo! Maliro amanamitsa anthu. Amalume anali munthu wamakani, wosamva za mnzake, woti akakuuza chinthu kawiri, kachitatu akulanda n'kuchita yekha. Komabe ine ndi mng'ono wanga Velonika tinalira mpaka mawu kutha. Vero ndiye analira koposa, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa ndine.

Amalume anali munthu wa makutu. Polankhula nawe sankakuyang'ana m'maso, ankapendeketsa mutu n'kukulozetsa khutu lakumanja. Akalowa m'nyumba yachilendo ankayamba aomba m'manja kamodzi, phwa! n'kuima chete kumvetsera mmene makoma akubwezera mawu, eni nyumba akudikira moni. Akazi awo, a Nangondo, ankachita nazo manyazi kwabasi. Ankati anakwatiwa ndi munthu wopereka moni kwa zipupa.

Kanyumba kawo kokonzeramo mawailesi kanali kuseri kwa msika. Ndiwonso ankayang'anira zokuzira mawu za ku tchalitchi, ndipo pa nkhani imeneyi anakangana ndi akatekisi onse amene anadutsa pa parishi pathu. Mkatekisi akatenga maikolofoni n'kuyenda nayo kutsogolo kwa sipika, kunkamveka kaphokoso koboola m'makutu, ana n'kuyamba kulira, amalume n'kudzambatuka pakati pa mapemphero. Ankati maikolofoni ndi sipika zili ngati mkamwini ndi apongozi ake, siziyenera kupenyana maso ndi maso. Zikapenyana, sipika imalankhula, maikolofoni imatola zomwezo n'kuzibwezera mu ampulifaya, sipika n'kuzilankhulanso mokweza, kuzungulira choncho mpaka zonse zasanduka mluzu umodzi. Ankamaliza ndi kunena kuti anthu a nzeru amathawa mluzu umenewo, koma iwo anagwirapo ntchito ndi anyamata amene ankachita kuuweta.

Anyamatawo anali a ku Zambia. Amalume anapita ku migodi ya kumeneko ali mnyamata, koma pansi sanalowemo nthawi yaitali. Anayamba kukonzera mawaya magulu oimba m'mabala, kenako anapeza ntchito m'kasitudiyo kena kojambulira nyimbo. Anabwerako akukula kale, ali ndi gitala yamagetsi, ampulifaya, sipika, ndi makina awiri akale ojambulira mawu, aja a mawilo awiri a tepi, amene eni situdiyo anali atatopa nawo. Anabweranso ndi tsitsi lofika m'mapewa, koma limenelo silinadutse pa Mchinji. Inali nthawi ija lamulo linkaletsa mwamuna kusunga tsitsi lalitali kapena kuvala thalauza lotambalala kumapazi. Anawameta pa chipata pomwepo, ndipo nkhani ya lumo lobuntha lija anaifotokoza mokwiya mpaka ukalamba.

Nyimbo zimene ankazikonda ife sitinkazimva mutu wake. Nyimbo yopanda poyambira, yopanda pothera, gitala ikungolira ngati yapwetekedwa. Tikawaseka ankatifotokozera, ngakhale tisanafunse. Akuti achinyamata a kunja kwa nyanja anayamba kumwa mankhwala ena ozunguza ubongo, kadontho chabe pa kapepala, ndipo akamwa ankaona makoma akupuma, mawu akutalika, nthawi ikuima. Oimba awo anafuna kuti munthu amve zomwezo asanamwe kanthu, kudzera m'makutu mokha. Ndiye anayamba kuzunza makina. Ankakweza ampulifaya kupitirira muyezo kuti gitala isase mawu, ena mpaka kung'amba pepala la sipika ndi lezala. Ankazunguza sipika m'bokosi kuti mawu azibwera n'kumachoka. Ankatembenuza tepi kuti iyambire kumapeto. Anyamata a ku migodi atamva mbale za nyimbo zimenezo anatengera, n'kuikamo ng'oma zakwawo. Amalume eni ake sankamwa ngakhale chibuku. Ankati khutu ndi losavuta kunamiza kuposa diso, ndipo wodziwa kulinamiza safunika botolo.

Ndikanati ndinene za mikangano yawo yonse sitingamalize. Anakangana ndi a kwaya chifukwa chothamangitsa nyimbo. Anakangana ndi mwini chigayo amene ankawatchajira mabatire a galimoto oyendetsera makina aja. Ndi amayi athu, mlongo wawo weniweni, anatha chaka osalankhulana chifukwa cha mbuzi. Koma chimene ndikufuna chisaiwalike ndi cha Vero.

Vero anayamba kudwala matenda akugwa atangotha msinkhu. Sankagwa kawirikawiri, ndipo amayi anamulangiza mwamphamvu kuti zimene amamva m'mutu asanagwe asadzauze munthu, chifukwa anthu akadzamva kuti amamva mawu adzati ndi wamisala kapena wamizimu, sadzakwatiwa. Mwanayo anamvera. Anakwatiwa ndi alamu a Lufeyo, munthu wachete wa mpingo wina, amene anamutenga chitengwa kumudzi kwawo kumapiri. Kugwako ankakudziwa, ndipo anati alibe nako kanthu. Anabereka mwana wamkazi, Sitela.

Tsiku lina m'nyengo yozizira kunabwera alendo kwa apongozi ake, a Nachisale. Anakhala mozungulira moto pabwalo dzuwa lisanatenthe, Vero akuwapatsa thobwa chogwada, mwana ali kumsana. Anamva chinthu chija chikubwera. Koma mtengwa angadzuke bwanji pamaso pa alendo, chikho chili m'manja, n'kuthawa osalankhula? Analimba mtima kuti amalize kaye. Anagwera chammbali pafupi ndi moto. Iye anapsa mkono, mwana anapsa kaphazi.

A Nachisale anatenga mwana tsiku lomwelo. Anati mkaka wa munthu wakugwa umapatsira, malovu ake amapatsira, ndipo munthu wogwa mosadziwitsa sangasungitsidwe khanda. Vero anamubweza kwathu kuti akachire bala, Sitela n'kutsala akudya phala. Amalume, monga mwini mbumba ndi nkhoswe ya ukwatiwo, akanatha kukangolanda mwanayo, pakuti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Koma ngakhale amayi athu anati akabwera mwanayo adzagona ndi iwo, Vero asadzamuberekenso kumsana. Apa ndiye panali nkhani. Kulikonse kumene Sitela akanakhala, mayi wake akanamuona ngati mwana wa eni. Vero ankangokhala pakhonde, mawere atatupa, nsalu ikunyowa, osalira n'komwe. Zinkandiwawa kumuyang'ana.

Amalume anayamba ndi kumukweza pa njinga kupita naye kuchipatala cha mishoni. Asisitere anamupatsa timapiritsi toyera tomwa tsiku ndi tsiku, n'kunenetsa kuti matendawa sapatsirana. Anatinso timapiritsito tichepetsa kugwa koma mwina sitithetseratu. Pobwerera anaima naye pa kanyumba kawo kaja. Ine ndinali pomwepo, ndinabwera kudzagulitsa mtedza.

"Iwe Vero," anatero amalume, "usanagwe umamva chiyani?"

Vero anandiyang'ana ine, kenako pansi. "Palibe, amalume."

"Usandinamize. Uli mtsikana ndinakuona kawiri ukugwira khutu lakumanzere. Munthu sagwira khutu pachabe."

Kenako Vero anati, "Amayi anati ndisamanene."

"Amako ndi mlongo wanga, nzeru zake ndimazidziwa pamene zimathera. Nena."

Anayesa, koma mawu ankamuthawa. Akuti zinthu zimamveka patali koma zili pafupi. Akuti munthu akalankhula mawu ake satha. Akuti kumabwera chimphepo chopanda mphepo. Ine ndinachita mantha, ndinati basi amayi ananena zoona. Koma amalume nkhope inawala ngati amva uthenga wa kwawo.

"Zimenezo ndikuzidziwa," anatero. "Tinkazipanga dala."

Kuyambira pamenepo, masana aliwonse Vero ankapita ku kanyumbako, ine ndikamaliza za pamsika ndinkawapeza. Mawailesi a anthu anangounjikana pakona, eni ake akudandaula. Amalume anaika makina awiri aja pa matebulo awiri, lina uku lina uko. Tepi inkachoka pa wilo la makina oyamba, n'kuyenda m'malere kudutsa pakati pa chipinda, kukakulungidwa pa wilo la makina achiwiri. Oyamba ankajambula, achiwiri ankaliza zimene zajambulidwazo tepi ikafika pa kamutu kake, ndipo waya wina unkatenga mawuwo kuwabwezeranso m'makina oyamba. Choncho liwu limodzi linkabwera kachiwiri, kachitatu, kachinayi, ulendo uliwonse likufooka ndi kuzilala. Anamuuza Vero kuti aitane mwana wake pa maikolofoni.

"Sitela," anatero Vero. Patapita kanthawi sipika inayankha, Sitela, kenako Sitela chapansipansi.

Vero anapukusa mutu. "Zikuchedwa. Zanga zimapondana."

Amalume anakoka tebulo lachiwiri kulisendeza pafupi, chifukwa kutalika kwa tepi ya pakatipo ndi kumene kumachedwetsa kubwerera kwa mawu. Anayesanso. Vero anati asendezebe. Anasendeza mpaka pakati pa matebulowo panatsala danga lokwana mkono wake wa Vero kuyambira pachigongono. Apo mawu anayamba kugwerana, Sitela, tela, tela, la, lina lisanathe lina layamba. Vero anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndi zimenezo," anatero monong'ona. "Zimayamba choncho."

Chimphepo chija chinawavuta masiku angapo. Anayesa kumangirira sipika yaing'ono pa chingwe n'kumaizunguza pamwamba pa mutu, Vero anati ayi, zimenezo zikuzungulira kunja, zake zimadutsa mkati. Anayesa kutembenuza tepi kuti kulira kwa gitala kuyambire kumchira, kuyamba pang'onopang'ono, kukula, n'kuduka mwadzidzidzi ngati munthu wakoka mpweya. Vero anati zimenezo ziliko pang'ono koma si mphepoyo. Amalume anakwiya, anati mwana uyu ngovuta kuposa oimba a ku Kitwe, kumigodi kuja. Kenako anakumbuka njira ina. Anajambula phokoso la pamsika, n'kulikopera pa tepi yachiwiri kuti akhale ndi matepi awiri ofanana ndendende. Anawaliza onse pamodzi, iliyonse pa makina ake, mawu akutulukira mu sipika imodzi. Ndiye anaika chala chachikulu m'mphepete mwa wilo la makina amodzi, kulikanikiza pang'ono kuti tepiyo itsalire m'mbuyo ndi kanthawi kochepetsetsa. Mawu awiri ofanana akasemphana pang'ono chotero, mbali zina zimafafanizana, zina zimakuzana, ndipo kusemphanako kukamasintha kumamveka chinthu chikusesa kuchokera pamwamba kutsika pansi, fyuuu, ngati ndege ikudutsa m'kati mwa mawuwo. Akachotsa chala n'kukanikiza wilo la makina enawo, chimphepocho chinkakweranso.

Vero anatuluka panja n'kukakhala pansi. Tinamutsatira tikuganiza kuti agwa. Sanagwe. Ankalira, koyamba chichokereni kumapiri.

"Ndimayesa ndimamva ndekha pa dziko lonse," anatero.

Chomaliza chinali mluzu. Vero anati pamapeto pake kumabwera kulira kumodzi kowonda m'khutu lakumanzere, kumakula, kumakula, ndiye sadziwanso kanthu. Apo amalume sanavutike. Anatenga gitala, anakweza ampulifaya, anakhudza nsambo imodzi n'kuyandikira sipika. Mawu otuluka mu sipika ankagwedeza nsambo ija, nsambo n'kutumizanso mawu mu ampulifaya, choncho kulira sikunkazima ngati mmene nsambo imachitira, kunkangokulirakulira kokha dzanja lisakukhudza. Akapotoloka pang'ono thupi, kulirako kunkasintha n'kukwera. Akaika chikhatho pa nsambo, zii. Anati iwo sadziwa za udokotala, koma akuganiza kuti mutu wa Vero nthawi zina umadzimvera wokha ngati mmene ikuchitira gitalayi, ndipo timapiritsi tija ntchito yake ndi ya chikhatho.

Zonsezi anazilumikiza mwa dongosolo lake, Vero akuwauza chimene chimayamba ndi chimene chimatsatira, n'kuzijambulira mu wailesi ya kaseti ya aphunzitsi ena imene inabwera kudzakonzedwa. Aphunzitsiwo ankauzidwa kuti chitsulo chake sichinapezeke.

Tsiku la ankhoswe litafika amalume anabwereka ngolo. Anakwezamo makina onse, matebulo awiri aja, mabatire, gitala. Amayi anagwira pakamwa. Anati kuyambira makolo sanamvepo nkhoswe yopita ku mlandu wa banja ndi gitala, atichititsa manyazi kwa eni mudzi, komanso a chipani akamva tiona zakuda. Amalume anati amene akuopa atsale. Tinapita tonse.

Tinakhala pabwalo pa a Nachisale dzuwa lili pamutu. Nkhoswe ya kuchimuna inalankhula bwino, mwaulemu, koma mfundo inali imodzi: munthu wogwa mosadziwitsa sangasunge mwana. A Nachisale anakhala pamphasa Sitela ali pamiyendo, kaphazi kali ndi chipsera. Vero anakhala kumbali kwanga, maso ali pa mwanayo.

Itafika nthawi yawo, amalume sanayankhe mfundoyo. Analumikiza mawaya, anthu akunong'onezana, ana a m'mudzi atadzaza kumpanda. Kenako anati, "Asewere, ine pakamwa sindithwa. Ndikupemphani chinthu chimodzi. Ndiliza zimene mtengwa wanu amamva. Mukadzamva mawu ayamba kubwerezabwereza, muike mwanayo pamphasa, munyamuke, mukakhale pansi pa mango apo. Mukapezeka kuti mluzu walira musanafike, mlandu mwawina, ine ndikweza katundu wanga."

"Zamasewera," anatero a Nachisale. Koma sanakane.

Sanayambe ndi kaseti. Anayamba ndi gitala, nsambo yaikulu ikungolira liwu limodzi losasintha, du, du, du, zala zina zikuyendayenda pamwamba pake, kukwera, kutsika, kubwerera pomwe zachoka. Panalibe mawu oimba, panalibe kolasi yoti munthu adziwe kuti tafika pakati kapena tikutha. Poyamba anthu ankaseka. Kenako kuseka kunatha. Ndinaona nkhoswe ya kuchimuna ikugwedeza mutu pang'onopang'ono maso ali gwa pa nkhokwe. Ine ndemwe sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Pambuyo pake ena ankati kanali kanthawi, ena ankati mthunzi unasuntha. Amalume anadzatiuza kuti ntchito ya kuimba kotalika chonchi ndi imeneyo, kumulanda munthu powerengera, kuti amve mmene Vero amamvera akamati amakhalamo tsiku lonse pamene ife timaona kanthawi.

Anthu atatengeka choncho, anatsegula kaseti. Munamveka phokoso wamba la pamsika, kenako mawu a Vero: Sitela, tela, tela, la. Mwanayo anatembenuka kufunafuna mayi wake. A Nachisale anadzidzimuka, anayang'ana kumbuyo, anayang'ana Vero amene milomo yake inali yotseka. Chimphepo chija chitayamba kusesa anamukumbatira mwanayo mwamphamvu, kenako anakumbuka. Anamuika pamphasa. Anadzuka ndi mawondo awo aukalamba, anayenda mopepesuka dzanja lili kukhutu, anafika pa mango n'kukhala pansi. Atakhala ndiye amalume anatembenukira ku sipika ndi gitala yawo. Mluzu unayamba wowonda, unakula, agalu anathawa, amayi ena anakuwa kuti mayo! Amalume anaika chikhatho pa nsambo. Bwalo lonse linangoti zii.

"Mwafika, asewere," anatero amalume. "Mpata umene munali nawowo ndi umene iye amakhala nawo."

Nkhoswe ya kuchimuna sinali yopusa. Inati, "Tamva. Koma kutalika kwa zimenezi mwayeza ndi mawu a wodwala yemweyo, amene mutu umakhala utamusokonekera pa nthawiyo. Tidziwa bwanji?"



Amene anayankha si amalume, ndi alamu a Lufeyo, amene chiyambire anali asanatsegule pakamwa. "Ine ndinaonapo," anatero, maso ali pansi. "Tsiku lina ndili m'chigafa ndikusoka fodya, ndinawaona akazi angawa akusinja. Anasiya munsi, anagwira khutu. Ndinatsika, ndinayenda mpaka pamtondo, ndinawafunsa kuti kwagwanji. Anati palibe. Atatero ndiye anagwa. Kuchokera kuchigafa uko kufika apa." Analoza. Panali patali kuposa pa mango.

A Nachisale anali akadali pansi pa mtengo. Anati, "Koma zimenezi si mizimu? Mawu a munthu kumveka iye atatseka pakamwa?"

Amalume anayala matebulo awiri aja, danga la mkono pakati, anadutsitsa tepi, n'kupita ndi maikolofoni pomwe anakhala mayiwo. "Nenani chilichonse, asewere."

"Ndinene chiyani ine?"

Sipika inayankha: chiyani ine, ni ine, ine, ne. Ana kumpanda anagwa nacho chiseko. Amalume anawaonetsa tepi ikuyenda, anaigwira ndi zala ziwiri kuti iime, mawu n'kuima. "Mzimu wake ndi umenewu," anatero. "Ndinaugula ku Zambia."

Mayiwo sanaseke. Anadzuka, anabwera mpaka pamene tinakhala, n'kuima pamaso pa Vero.

"Zimenezi mumazimva nthawi zonse musanagwe?"

"Eya, amayi."

"Ndi tsiku la alendo lija munazimva?"

"Ndinazimva."

"Nanga osadzuka bwanji?"

"Ndinali nditagwada, amayi. Chikho chinali m'manja."

A Nachisale anapita pamphasa, ananyamula Sitela, anabwera naye n'kumuika pamiyendo pa mayi wake. Anatembenukira ku bwalo lonse mwaukali, ngati kuti ife ndi amene tinalakwa. Anati kuyambira lero mtengwa wawo akangoti yabwera, aike mwana pansi achoke, kaya pali alendo, kaya ndi m'tchalitchi, kaya pabwera mfumu, ndipo amene adzamunene kuti ngwamwano adzaonana ndi iwo. Mwanayo anali atayamba kale kufunafuna bere. Amayi athu anayang'ana kumbali akupukuta m'maso ndi nsalu.

Zimene amayi ankaopa zinachitikadi. Mbiri inayenda kuti a Mawaya akuliza nyimbo za chamba m'midzi, zozunguza anthu mitu. Sabata isanathe anabwera anyamata a chipani a malaya ofiira, ananyamula makina onse awiri, gitala, ampulifaya, matepi, ndi wailesi ya aphunzitsi ija yomwe. Amalume nawonso anatengedwa, anabwerako patapita masiku ali ndi mpala ndiponso akutsimphina. Katunduyo sanabwerere. Musaganize kuti anazilandira mofatsa. Anadandaula moyo wawo wonse. Akamuona Vero ankamulonjera kuti wabwera uja anandidyera makina, Vero n'kumaseka, n'kuwatulutsira nkhuku kapena mbatata m'dengu. Ndinawafunsa tsiku lina ngati ankanong'oneza bondo. Anati inde, kwambiri, makamaka gitala. Kenako anawonjeza kuti ku Kitwe ankathandiza anthu abwinobwino kunamizira kuzungulira mutu, ndipo pa ntchito yonse ija tsiku limodzi lokha ndi limene makinawo ananena zoona.

Vero anagwabe nthawi zina, ngakhale ndi timapiritsi. Koma sanagwenso ndi mwana kumsana, ndipo anabereka ena atatu. Mawu oti yabwera anazolowereka m'mudzi monse, ngakhale tiana tinkadziwa kuthamanga kukachotsa mphika pamoto. A Nachisale anamwalira ali m'manja mwa Vero. Alamu a Lufeyo nawo anatisiya kale.

Titachoka kumanda tinapita kukatsegula kanyumba kaja, ine, Vero, Sitela ndi mwana wake wamkulu, amene akufuna kuikamo malonda ake. Munali fungo la mtovu wowotcherera mawaya ndi fumbi. Mawailesi akufa anali mpaka kudenga, ena eni ake anamwalira akudikira. Chipewa chawo chinali pa msomali. Pakati pa chipindacho panali matebulo awiri aja, opanda kanthu pamwamba, lililonse lili ndi malo oyera pamene pankakhala makina. Zaka zonsezi amalume ankadutsa chammbali m'chipinda chopanikiza chotero, akugunda chiuno, a Nangondo akudandaula, koma matebulowo sanawagundanitse kapena kuwatalikitsa.

Mwana wa Sitela anagwira limodzi kuti alikokere kukhoma.

"Dikira," anatero Vero.

Anapita pakati, anaika chigongono m'mphepete mwa tebulo lina, zala n'kukhudza linalo. Mkono wake wa chipsera uja unakwana ndendende. Anaima choncho, mutu utapendekeka, ngati akudikira kuti chipindacho chiyankhe.

"Anthu ambiri anandifunsapo ngati ndikupeza bwino," anatero. "Wondifunsa kuti ndikumva chiyani anali mmodzi."

Mnyamatayo anachotsa manja pa tebulo. Tinatseka chitseko, Sitela n'kumugwira mayi wake mkono potsika pakhonde.